Funso la mayeso akale lili pa mutu umene sitinaphunzitsidwe: ndiuwerenge kapena ndiusiye?

"Aphunzitsi, ndili chaka chachiwiri ku yunivesite ndipo kwatsala masiku 12 kuti tilembe mayeso a sitatisitikisi. Ndapeza mapepala a mayeso a zaka 4 zapitazi, ndipo 3 mwa iwo ali ndi funso la kai-sikweya la malikisi 20. Koma alekichala athu sanautchulepo mutu umenewu n'kamodzi komwe, ndipo makalasi akutha sabata ino. Anzanga ena akuti zomwe sanaphunzitse sangafunse, ena akuti ndiwerenge basi. Pepala limakhala ndi gawo A la malikisi 40 lomwe timayankha lonse, ndi gawo B pomwe timasankha mafunso 3 mwa 5, lililonse la malikisi 20. Ndichite bwanji?"

Mtima m'malo. Mwaliona vutoli nthawi idakalipo, ndipo masiku 12 ndi okwanira kulithetsa popanda kusokoneza maphunziro ena. Ndaphunzitsa ndi kukonza mayeso kwa zaka zambiri, ndipo palibe semesita imene imatha popanda wophunzira kugogoda pakhomo la ofesi atagwira pepala lakale, nkhope ili gwa. Chimene ndimawauza onse ndi ichi: musatsegule kaye buku, komanso musataye kaye pepalalo. Yambani mwafufuza chifukwa chimene mutuwo uli papepala koma mulibe m'manotsi anu, pakuti chochita chanu chidalira chifukwa chimenecho.

Pepala la mayeso akale limakuuzani zomwe munthu wina anafunsa ophunzira ena, potsata ndondomeko ya kosi ya chaka chimenecho. Silikulonjezani kanthu za chaka chino. Ndiye lioneni bwino pamwamba pake, pomwe ambiri sayang'ana n'komwe. Kodi nambala ya kosi ndi yomweyo ndi yanu? Nanga dzina la kosi, maola olembera, chiwerengero cha mafunso? Nambala ikasintha, kawirikawiri ndiye kuti silabasi inakonzedwanso, ndipo mitu ina inasamutsidwira ku kosi ya chaka chotsatira. Ngati dzina la wokonza mayeso lalembedwa, lioneni. Ngati silinalembedwe, funsani a chaka chachitatu kuti ankawaphunzitsa ndani.

Kenako yalani mapepala 4 aja motsatana zaka zake, muone kuti lopanda kai-sikweya ndi liti. Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ophunzira ambiri amapadumpha chifukwa amangowerenga kuti "3 mwa 4" n'kuchita mantha. Ngati pepala lopanda mutuwo ndi la chaka chatha, makamaka ngati chaka chathacho ndi chomwe alekichala anu anayamba kuphunzitsa kosiyi, ndiye zikuoneka kuti mutuwo unachotsedwa, ndipo mapepala 3 enawo ndi a munthu wina. Koma ngati lopanda mutuwo lili pakati, pomwe la chaka chatha lili nawo, ndiye kuti mutuwo ulipobe, unangopumulitsidwa chaka chimodzi monga timachitira posinthasintha mafunso. Chiwerengero n'chomwecho, 3 mwa 4, koma tanthauzo lake n'losiyana kotheratu.

Mukatero, tengani chikalata chomwe munapatsidwa sabata yoyamba, chija mumachitcha autilaini. Ndikudziwa kuti ambiri mumachiwerenga tsiku lomwelo basi n'kuchiiwala pansi pa chikwama, koma ndicho chili ndi mphamvu kuposa manotsi anu. M'mayunivesite ambiri, lekichala akakonza mayeso amawapereka kwa mnzake kuti awaunike, nthawi zina amapitanso kwa wounika wochokera kusukulu ina. Anthu amenewa sanakhale nanu m'kalasi. Sadziwa zomwe zinanenedwa Lachiwiri m'mawa ndi zomwe zinadumphidwa. Chomwe amakhala nacho patebulo ndi pepala la mafunso ndi autilaini, ndipo funso lililonse lomwe likugwirizana ndi autilaini amalivomereza. N'chifukwa chake mawu a anzanu aja, akuti zomwe sanaphunzitse sangafunse, ndi oona mwatheka chabe. Zomwe mulibe mu autilaini sayenera kufunsa. Zomwe zilimo atha kufunsa, ngakhale choko sichinazilembepo pabolodi.

Powerenga autilainiyo musamangosaka mawu akuti kai-sikweya. Mutu umenewu umabisala m'mayina ena: kusanthula deta ya m'magulu, matebulo a kontinjensi, kuyesa ngati zinthu ziwiri zili pa ubale, kuyesa ngati deta ikugwirizana ndi zomwe timayembekezera. Onaninso mndandanda wa machaputala a buku omwe munauzidwa kuwerenga. Zimachitika kawirikawiri kuti pa sabata ya 11 palembedwa chaputala chakutichakuti, lekichala n'kuphunzitsa theka lake, theka linalo n'kunena mongodutsa kuti mukawerenge panokha. Mawu amenewo amanenedwa kalasi ikutha, anthu akutseka mabuku, ndipo ambiri sawamva. Choncho bwerekani manotsi a anzanu awiri omwe sajomba, ndipo fufuzaninso mafayilo onse omwe anatumizidwa ku kalasi. Sindikukayikira kuti mumapita m'kalasi. Kungoti tsiku limodzi lomwe munadwala likhoza kukhala lomwelo.

Pali chinthu china chimene ophunzira sachidziwa, koma ife okonza mayeso timachidziwa bwino. Mafunso amaperekedwa ku dipatimenti masabata angapo makalasi asanathe, kuti aunikidwe ndi kusindikizidwa. Ndiye lekichala amatha kuikamo funso la mutu womaliza ali ndi chikhulupiriro kuti aufikira, kenako masiku n'kutayika, semesita n'kutha mutuwo asanaukhudze. Wosamala amabwerera kukachotsa funsolo. Wotanganidwa amaiwala. Kai-sikweya amakonda kukhala chakumapeto kwa kosi yoyambirira ya sitatisitikisi, pambuyo pa t-tesiti, kotero ndi mutu umene umagwa m'vuto limeneli kawirikawiri. Ndipo ngati kosi yanu ili ndi magulu angapo ophunzitsidwa ndi anthu osiyana koma olemba pepala limodzi, kapena ngati mayeso amachokera ku bungwe la kunja kwa sukulu, ndiye musatengere n'komwe zomwe alekichala anu anadumpha. Pamenepo silabasi ndiyo ikulamula, ndipo mutuwo muuwerenge.

Tsopano kafunseni eni ake, sabata ino makalasi asanatseke. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma kafunsidwe kake n'kofunika kwambiri. Mukati "Kodi kai-sikweya abwera pamayeso?" mwawafunsa kuti aulule pepala, ndipo lekichala aliyense woopa ntchito yake adzakuyankhani kuti werengani zonse. Funsani za malire a kosi, osati za zomwe zili papepala. Mutha kunena chonchi: "Aphunzitsi, m'mapepala akale muli mafunso a kai-sikweya, ndipo mu autilaini ali pa sabata ya 12, koma m'kalasi sitinafike pamenepo. Kodi ali m'gulu la mitu yomwe tiyenera kukonzekera chaka chino, ndipo ngati ali momwemo, tiwerenge chaputala chiti?" Funso limeneli atha kuliyankha popanda kuphwanya lamulo lililonse. Limawakumbutsanso mwaulemu kuti pali mutu womwe anausiya, ndipo ndaonapo alekichala akuthamangira kukasintha pepala kapena kuitanitsa kalasi yapadera chifukwa cha funso lotere.

Ndi bwino funsolo lipite kudzera kwa mtsogoleri wa kalasi, ndipo likhale lolembedwa, kaya pa imelo kaya pa uthenga wa kalasi yonse. Chifukwa choyamba n'chakuti yankho lifike kwa aliyense mofanana. Chachiwiri n'chakuti yankho lolembedwa ndi umboni. Akalemba kuti mutuwo mulibe, kenako n'kutulukira pamayeso, muli ndi chogwira m'manja popita ku dipatimenti. Mawu onenedwa m'khonde munthu akuthamangira ku msonkhano savuta kuwakana, ngakhale kuwaiwala kumene mosafuna.

Mayankho ake mudzawamve chonchi. Akati mulibe, usiyeni ndi mtima umodzi, musaubwererenso mutuwo usiku chifukwa mnzanu wina wakuopsezani. Akati ulimo, mwadziwa chochita. Akati "chilichonse cha mu autilaini chitha kubwera", ameneyo ndi inde, musamutenge ngati kuzemba. Akapanda kuyankha pakatha masiku awiri kapena atatu, musadikirenso. Gamulani nokha potengera autilaini: ngati mutuwo ulimo, utengeni ngati ubwera.

Tiyerekeze kuti zafika pamenepo, mutu uli mu autilaini koma yankho lomveka palibe. Anzanu ena adzakuuzani kuti musavutike, pakuti gawo B n'losankha ndipo mutha kungolidumpha funsolo. Tiyeni tiwerengere. Mafunso ndi 5, mukufuna 3. Mukataya kai-sikweya mwatsala ndi 4, ndiye mwayi wanu wokana funso watsala umodzi wokha m'malo mwa iwiri. Ngati mitu ina yonse mumaidziwa bwino, zimenezo n'zopiririka. Koma ngati pali mutu winanso umene umakuvutani, tinene kuti rigiresheni, ndiye mwalowa m'chipinda cha mayeso mulibe chosankha chilichonse. Mafunso 3 otsalawo muyenera kuwayankha onse, ngakhale limodzi litabwera mokhotakhota. Onaninso gawo A m'mapepala akale aja. Ngati kai-sikweya amatulukiranso kumeneko ngati kafunso ka malikisi 4 kapena 5, ndiye kudumpha sikungakupulumutseni, chifukwa kumeneko kulibe kusankha.

Mbali inayo ndi mtengo wake wa nthawi, ndipo pa mutu wanuwu mtengowo ndi wochepa kuposa momwe mukuganizira. Mutu wosaphunzitsidwa sukhala wachilendo wonse. Ngati munaphunzira t-tesiti, ndiye mukudziwa kale kulemba H0 ndi H1, omwe ndi maganizo awiri otsutsana amene mukuwayesa, kusankha mlingo wa 5%, kuwerenga tebulo, ndi kugamula ngati mukukana H0 kapena ayi. Kai-sikweya, njira yomwe katswiri wa masamu Karl Pearson anaitulutsa mu 1900, amayenda m'mapazi omwewo. Chatsopano ndi mafomula atatu okha:

```
E  = (row total × column total) / grand total
χ² = Σ (O − E)² / E
df = (r − 1)(c − 1)
```

O ndi chiwerengero chomwe mwapatsidwa m'bokosi lililonse la tebulo. E ndi chomwe chikanakhala m'bokosimo zikanakhala kuti zinthu ziwirizo sizili pa ubale uliwonse, ndipo chimapezeka pochulukitsa chiwonkhetso cha mzere wopingasa ndi cha mzere wotsika, n'kugawa ndi chiwonkhetso chonse. Zilembo r ndi c zikuimira kuchuluka kwa mizere yopingasa ndi yotsika, χ² ndi chizindikiro cha kai-sikweya, ndipo df ndi nambala yomwe imakuuzani mzere woti muwerenge pa tebulo la χ².

Tiyeni tiyese limodzi, ndi manambala ongopeka ngati a pamayeso. Ophunzira 100 analemba mayeso. Mwa iwo, 60 ankapita ku makalasi obwereza, ndipo 45 anakhoza, 15 analephera. Otsala 40 sankapita, ndipo 20 anakhoza, 20 analephera. Okhoza onse ndi 65, olephera 35. Funso n'lakuti kodi kupita ku makalasiwo kuli pa ubale ndi kukhoza? H0 ikuti palibe ubale. Pa bokosi la opita ndi kukhoza, E ndi 60 × 65 / 100, yomwe ndi 39. Mabokosi atatu enawo akupereka 21, 26 ndi 14. Mukaona bwino, bokosi lililonse lasiyana ndi E yake ndi 6, kotero pamwamba pa fomula pali 36 paliponse. Ndiye tiphatikiza 36/39, 36/21, 36/26 ndi 36/14, zomwe ndi 0.92, 1.71, 1.38 ndi 2.57, ndipo zonse pamodzi zikukwana pafupifupi 6.59. Tebulo lathu lili ndi mizere iwiri mbali zonse, ndiye df ndi 1, ndipo pa 5% tebulo la χ² likupereka 3.841. Popeza 6.59 yaposa 3.841, tikukana H0, n'kunena kuti pali umboni wa ubale pakati pa kupita ku makalasi obwereza ndi kukhoza.

Ngati mwatsatira zimenezi osasochera, ndiye gawo lalikulu la funso la malikisi 20 lija mwaligwira kale. Chotsala ndi kuzolowetsa dzanja ndi kudziwa misampha yake. Fomulayi imafuna ziwerengero zenizeni za anthu kapena zinthu, osati mapelesenti. Lamulo lomwe mabuku ambiri amapereka n'lakuti E asatsike pansi pa 5, ndipo akatsika mumaphatikiza magulu oyandikana. Ndipo pomaliza musalembe kuti makalasiwo ndiwo anakhozetsa ophunzira, chifukwa tesitiyi imaonetsa ubale chabe, sionetsa choyambitsa. Ochonga amakonda kuika malikisi awiri kapena atatu pa chiganizo chomalizachi.

Ndiye langizo langa pa nkhani yanu ndi ili: upatseni mutuwu madzulo awiri, maola ngati atatu tsiku lililonse. Tsiku loyamba werengani chaputala cha m'buku lomwe latchulidwa mu autilaini, n'kutsata zitsanzo zake ndi pensulo m'manja. Tsiku lachiwiri yankhani mafunso awiri mwa atatu a m'mapepala akale aja, buku lili chotseka. Lachitatulo lisungeni mpaka kutatsala masiku atatu kapena anayi kuti mulembe, mudzaliyankhe mukuyang'ana wotchi, kuti muone ngati zinakhazikika. Mukapeza kuti madzulo awiri atha koma simukumvabe kuti E akuchokera kuti, vuto silili pa kai-sikweya. Lili pa maziko a kuyesa H0, omwe anaphunzitsidwa ndipo abwera ndithu pamayeso. Zikatero bwererani kumeneko, mupemphe thandizo kwa wothandizira alekichala kapena mnzanu amene amazimva.

Malire a madzulo awiriwo ndawaika dala. Choopsa chimene ndimachiona kwambiri si wophunzira amene wasiya mutu wosaphunzitsidwa. Ndi uja amene mantha amugwira, n'kuthera sabata yonse pa mutu umodzi wokayikitsa wa malikisi 20, pomwe mitu yotsimikizika ya malikisi 80 ili chigonere. Mutu wachilendo umakopa chifukwa umaopsa, pomwe mitu yomwe munaimva m'kalasi imaoneka ngati mukuidziwa mpaka tsiku lomwe mudzayese kuiyankha popanda manotsi. Komanso si mutu uliwonse umene uli wotsika mtengo ngati uwu. Zikanakhala kuti wadumphidwa ndi mutu waukulu wofuna masabata atatu a makalasi, wosatsamira pa chilichonse chomwe munaphunzira, ndikanakuuzani kuti mungodziwa tanthauzo lake ndi ntchito yake, zokwanira kafunso ka gawo A, nthawi yotsalayo mulimbitse mitu inayo.

Samalaninso ndi kumene mukuphunzirako. Mavidiyo a pa intaneti amathandiza, koma ena amagwiritsa ntchito zizindikiro zina kapena amawerengera ndi kompyuta, pomwe inu mudzapatsidwa tebulo ndi kakyuleta. Buku la mu autilaini ndilo likhale muyezo wanu. Mayankho olembedwa pamanja omwe amayenda kuchokera kwa a chaka chapamwamba musawakhulupirire msanga, makamaka pa mutu womwe mulibe manotsi oti muyerekeze nawo. Cholakwa chimodzi pa df chimatha kukoperedwa zaka zingapo popanda wochizindikira.

Tsiku la mayeso likafika, funsolo n'kupezeka pa gawo B, lioneni ngati funso lina lililonse ndipo musankhe 3 omwe mungapezepo malikisi ambiri. Likapezeka pa gawo lomwe simungalidumphe, musasiye pepala loyera. Lembani H0 ndi H1, jambulani tebulo ndi ziwonkhetso zake, werengerani ma E, lembani df. Pa masamu otere malikisi amaperekedwa pa sitepe iliyonse, ndipo munthu amatha kutola theka lake asanafike pa yankho lomaliza. Ngati munauzidwa kuti mutuwo mulibe koma wabwera, kwezani dzanja, muuze woyang'anira mayeso modekha kuti alembe zimenezo mu lipoti lake, kenako pitirizani kulemba. Musatuluke, ndipo musathere mphindi zanu mukukangana naye, pakuti iye alibe mphamvu yosintha funso.

Nkhani imafunika kupita pamwamba pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mayeso asanalembedwe, ngati mutapeza kuti mitu yodumphidwa si umodzi koma ingapo, ndipo alekichala sakuyankha. Pamenepo mtsogoleri wa kalasi akaonane ndi mkulu wa dipatimenti sabata yomwe ino, atatenga autilaini ndi mndandanda wa zomwe zinaphunzitsidwa sabata iliyonse, ndipo akapemphe chinthu chodziwika: kalasi yapadera, kapena chidziwitso cholembedwa cha mitu yomwe ikhale pamayeso. Chachiwiri ndi mayeso atalembedwa, ngati pabwera funso la kunja kwa autilaini kapena lomwe munauzidwa kuti silibwera. Kalata ya kalasi yonse ipite mkati mwa masiku ochepa, zotsatira zisanatuluke, ili ndi nambala ya funso, malikisi ake, autilaini ndi uthenga uja munasunga. Nthawi imeneyo dipatimenti imakhala ikadali ndi mpata wochotsa funsolo pa chiwonkhetso kapena kukonza kachongedwe. Malikisi akavomerezedwa kale ndi komiti, njira imatsala ya apilo, yomwe ili ndi masiku ake oikika m'buku la malamulo a ophunzira ndipo imayenda pang'onopang'ono. Kalatayo inene zomwe zinachitika ndi zomwe mukupempha, popanda mawu onyoza munthu, chifukwa amene adzaiwerenge ndi anzawo a alekichala anuwo ndipo chomwe chingawagwire mtima ndi umboni.

Madzulo ano yambani ndi mapepala 4 aja ndi autilaini, zomwe sizingakutengereni ola lathunthu. Uthenga wa kwa alekichala upite mawa m'mawa, makalasi asanatseke.